FIND ikubweza #VALUE! pa makhodi opanda dashi, ndithandizeni

Mlembi_wa_Katundu

Moni nonse. Ndili ndi mndandanda wa katundu mu Excel, ndipo chinthu chilichonse chili ndi khodi yake mu kolamu A, yolembedwa motere: KAB-1045-A. Zilembo zoyambirirazo ndi gulu la katundu, manambala a pakatiwo ndi nambala ya chinthucho, chilembo chomaliza ndi shelefu. Ndikufuna gulu likhale mu kolamu B, nambala mu kolamu C. Ndalemba izi:

```
=LEFT(A2,FIND("-",A2)-1)
=MID(A2,FIND("-",A2)+1,4)
```

Mizere yambiri ikutuluka bwinobwino, koma ina ikungolemba #VALUE! m'makolamu onse awiri. Ndikuona kuti ena mwa makhodiwo alibe dashi, monga KAB1045, ndipo maselo ena alibe kanthu. Chomwe chandizunguza mutu ndi mzere 57. Pamenepo pali PEN–0032, dashi ikuoneka ndi maso, koma napo pakutuluka #VALUE!. Ndichite bwanji? Lipotili ena akulidikira.

Chule_mDambo

Kutani fomula yonse ndi IFERROR basi, nkhani yatha.

```
=IFERROR(LEFT(A2,FIND("-",A2)-1),"")
```

Kambuku_J

Kulitsani kolamuyo. Ine zikandichitikira ndimangokoka m'mphepete mwa kolamu n'kuitambasula, zimachoka zokha.

Nyenyezi09

A Kambuku, zimenezo ndi za ##### zija, zotuluka nambala ikakhala yaitali kuposa kolamu. Apa akunena #VALUE!, ngakhale mutatambasula kolamu mpaka kudzaza sikirini yonse sichoka.

A Mlembi, yesani SEARCH m'malo mwa FIND. FIND ndi yovuta, imasankha kwambiri.

Gogo_Manambala

SEARCH siithandiza pano, a Nyenyezi. N'zoona kuti FIND imasiyanitsa chilembo chachikulu ndi chaching'ono pomwe SEARCH sisiyanitsa, koma dashi ilibe yaikulu kapena yaing'ono. Ndipo zonse ziwiri zikasowa chomwe mwazituma, zimabweza #VALUE! yemweyo.

A Mlembi, choyamba dziwani kuti LEFT ndi MID sizinalakwe kanthu. Tengani KAB-1045-A. FIND imawerenga kuyambira kumanzere, K ndi 1, A ndi 2, B ndi 3, dashi ndi 4, ndiye imabweza 4. Mwachotsapo 1, kwatsala 3, LEFT yatenga zilembo zitatu, KAB. Pa KAB1045 FIND imayenda mpaka kumapeto osapeza dashi. Siibweza 0 monga ambiri amaganizira, imabweza #VALUE!, ndipo chilichonse chodalira yankho limenelo chimatengera vuto lomwelo. Kuchotsa 1 kumakanika, LEFT nayo imakanika. Selo yopanda kanthu ndi chimodzimodzi, mulibe dashi yoti ipezeke.

Mukhoza kudzionera nokha. Dinani selo yovutayo, pitani pamalo olembera fomula, sankhani gawo la `FIND("-",A2)` lokha ndi kudina F9. Muona yankho la gawo lokhalo. Mukaona, dinani Esc, osati Enter, kuopa kuti yankholo lingalowe m'malo mwa fomula yanu.

Njira yomwe ndimakonda ine ndi yopatsa FIND dashi yoti ipeze nthawi zonse. Mumamata dashi ina kumapeto kwa mawu omwe ikufufuzamo:

```
=LEFT(A2,FIND("-",A2&"-")-1)
```

Pa KAB-1045-A palibe chosintha, chifukwa FIND imaima pa dashi yoyamba, 4 yemwe uja. Pa KAB1045, yomwe ili ndi zilembo 7, FIND ikufufuza mu KAB1045- ndipo ipeza dashi pa 8. Kuchotsa 1 ndi 7, LEFT itenga khodi yonse. Pa selo yopanda kanthu ipeza dashi pa 1, kuchotsa 1 ndi 0, LEFT ibweza selo yooneka yopanda kanthu. Onetsetsani kuti dashi yomatayo ili mkati mwa FIND mokha. A2 ya LEFT isiyeni momwe ilili.

Za mzere 57 musathamange nazo, imeneyo ndi nkhani ina. Mulembe kaye izi pa selo ina iliyonse, mutiuze nambala yomwe ituluke:

```
=UNICODE(MID(A57,4,1))
```

Chule_mDambo

Agogo, zonsezi za chiyani? IFERROR ndi yaifupi, aliyense akaiona amaimva. Yanuyi munthu wina akadzatsegula fayilo adzadabwa kuti dashi yachiwiriyo ikutani pamenepo.

Gogo_Manambala

IFERROR sindikuikana, ili ndi malo ake. Koma taonani chomwe yanu ikuchita pa KAB1045. Chinthucho chilipo, gulu lake ndi KAB, koma kolamu B ikhala yoyera ngati kuti mzerewo ulibe kanthu. A Mlembi akadzawerengetsa katundu wa gulu la KAB ndi COUNTIF kapena SUMIF, chinthu chimenecho sichidzawerengedwa, ndipo palibe chidzawachenjeze. Komanso IFERROR siisankha. Wina akafufuta kolamu mwangozi n'kutuluka #REF!, kapena mu A2 mukabwera #N/A wochokera ku fomula ina, zonsezo imazimeza n'kukupatsani selo yoyera.

Ngati mukufuna njira yowerengeka mosavuta, funsani funso lenilenilo, loti dashi ilipo kapena ayi, ndipo ikasowa fomula inene poyera:

```
=IF(ISNUMBER(FIND("-",A2)),LEFT(A2,FIND("-",A2)-1),"ONANI")
```

Nyenyezi09

Koma kunena chilungamo, yomata dashi ija nayo ikubisa. KAB1045 yonse ikalowa mu kolamu ya magulu, si gulu limenelo. COUNTIF ya KAB siiwerenganso.

Gogo_Manambala

Mwanena zoona. Kusiyana kwake n'koti imasiya chizindikiro. Mukatsegula Filter pa kolamu B muona KAB, PEN, kenako KAB1045 ili payokha, mudziwa pomwepo kuti pali chokonza. Selo yoyera imasakanikirana ndi mizere yomwe ilibedi kanthu. Koma inde, palibe fomula mwa ziwirizi yomwe ikudziwa kuti KAB1045 imayenera kukhala KAB-1045.

Mlembi_wa_Katundu

Zikomo nonse. Agogo, pa mzere 57 patuluka 8211. Ndayesa fomula yomweyo pa mzere 2, patuluka 45.

Ndisanaone mayankho anu mnzanga wa mu ofesi anandiuza kuti ndiike IFERROR pa FIND pokha kuti ikasowa dashi ibweze 0, motere: `=LEFT(A2,IFERROR(FIND("-",A2),0)-1)`. Koma #VALUE! sanachoke. N'chifukwa chiyani, popeza FIND siikulephera tsopano?

Kadzidzi47

Chifukwa 0 kuchotsa 1 ndi -1, ndipo LEFT singatenge zilembo zochepera 0. Tsopano wodandaula ndi LEFT, osati FIND, kungoti uthenga wake ndi womwewo. Imeneyi imasokoneza anthu ambiri.

Choopsa chili ku MID. Mukachita zomwezo kumeneko, 0 kuphatikiza 1 ndi 1, MID iyamba pa chilembo choyamba n'kutenga zinayi. Pa KAB1045 ikupatsani KAB1 ngati nambala ya chinthu, popanda chenjezo lililonse. Bola #VALUE! amaoneka.

Gogo_Manambala

8211 ija ndiye yankho la mzere 57. Dashi ya pa kiyibodi, yomwe mwalemba mu fomula, nambala yake ndi 45. Ya pa mzere 57 ndi ina, yotalikirapo pang'ono. Kwa inu ndi ine zonse ndi timizere, koma kwa Excel ndi zilembo ziwiri zosiyana ngati A ndi B. Kawirikawiri imabwera ndi mawu okopedwa kuchokera mu Word, chifukwa Word imakonda kusintha dashi yokhala ndi mipata mbali zonse kukhala yaitaliyo, kapena okopedwa mu PDF ndi mu imelo. Ilipo inanso yaitali kuposa imeneyo, nambala yake 8212.

Ndiye muli ndi mavuto awiri ovala malaya amodzi. Makhodi ena dashi alibedi, ena ali nayo koma ya mtundu wina. Oyambawo akufuna chiganizo cha munthu, achiwiriwa akufuna kutsukidwa basi. Ndikanakhala inu ndikanatsegula kolamu yothandizira, tinene D, yokhala ndi khodi yotsukidwa:

```
=TRIM(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(A2,UNICHAR(8211),"-"),UNICHAR(8212),"-"))
```

Kenako LEFT ndi MID zanu ziziwerenga D2 m'malo mwa A2. Kolamu A musaikhudze, kuti tsiku lina mukafuna kuona chomwe chinabwera poyamba muchipeze.

Pali china chomwe ndikufuna muone, chifukwa ndi chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa #VALUE! amene mwabwera naye. Mzere 57 wadzionetsa chifukwa dashi yake inali imodzi yokha. Tiyerekeze kuti pali khodi ya KAB–2210-B, yoyamba yaitali, yachiwiri yabwinobwino. FIND idumpha yoyambayo, ipeza yachiwiri pa 9, LEFT ikupatsani KAB–2210 ngati gulu, MID ikupatsani B ngati nambala. Palibe #VALUE!, palibe chilichonse. Choncho musangokonza mizere yomwe ikukuwa. Werengani madashi a mzere uliwonse:

```
=LEN(A2)-LEN(SUBSTITUTE(A2,"-",""))
```

KAB-1045-A ili ndi zilembo 10, madashi akachotsedwa zitsala 8, yankho ndi 2. Ikani Filter pa kolamu imeneyo, chotsani chizindikiro pa 2, ndipo zotsala pa sikirini ndi mizere yonse yokayikitsa. Chitani izi pa kolamu A, kenako pa D. Mizere yomwe yasintha ndi ya dashi yachilendo, yomwe sinasinthe ndi yofunika kufunsa eni ake.

Namaseko_wa_Kaundula

Pepani kulowerera, koma vuto langa likufanana ndi limeneli. Ine ndimasunga mayina a ophunzira, dzina loyamba ndi la bambo m'selo imodzi, ndipo ndimawalekanitsa pa mpata ndi `FIND(" ",A2)`. Ena analembetsa dzina limodzi lokha, amenewo ndikumvetsa. Koma pali ena mayina awiri onse alipo, mpata ukuoneka pakati, #VALUE! ali pomwepo. Ndaika TRIM, ndaika CLEAN, sizinasinthe. Mayinawo ndinakopa kuchokera pa intaneti.

Kadzidzi47

Mayi, wanuwo ndi m'bale wake wa dashi ija. Pa intaneti pamakhala mpata wina womwe nambala yake ndi 160, pomwe wa pa kiyibodi ndi 32. TRIM imadziwa wa 32 yekha, ndipo CLEAN nayo wa 160 siimuchotsa. Musinthe kaye, TRIM ibwere pambuyo:

```
=TRIM(SUBSTITUTE(A2,UNICHAR(160)," "))
```

Pa mayina, njira yomata ija ndi yabwino kwambiri, `FIND(" ",D2&" ")`, chifukwa munthu wa dzina limodzi dzina lakelo lilowa lonse mu kolamu yoyamba, yachiwiri ikhala yopanda kanthu. Pamenepo yankho ndi loona ndithu, palibe chobisika. Pa makhodi a katundu ndi pomwe pali mtsutso.

Namaseko_wa_Kaundula

Zatheka, zikomo kwambiri bambo. UNICODE inandipatsadi 160.

Kambuku_J

Inu mukuvutikiranji ndi mafomula? Pitani ku Data, Text to Columns, sankhani Delimited, lembani dashi pa Other, mwamaliza. Kapena lembani KAB pa mzere woyamba n'kudina Ctrl+E, Flash Fill imalizitsa yokha.

Nyenyezi09

Zimenezo n'zabwino ngati ntchitoyo ndi ya kamodzi. Koma mawa kukabwera katundu watsopano kapena wina akakonza khodi mu kolamu A, makolamu enawo sasintha okha, muyenera kubwerezanso. Ndipo Text to Columns mukaisiya pa General, 0032 isanduka 32.

Kambuku_J

Pali posankha Text pa sitepe yachitatu, maziro sachoka. Ine ndimatero mwezi uliwonse ndipo sindinavutikepo.

Mnyamata_wa_365

Bwanji palibe wotchula TEXTBEFORE? Inabwera kudzathetsa mavuto ngati amenewa.

```
=TEXTBEFORE(A2,"-",,,1)
=TEXTBEFORE(A2,"-",,,,"ONANI")
```

Yoyambayo imatenga mapeto a mawu ngati dashi, ndiye ikufanana ndi yomata ya Agogo. Yachiwiri imalemba mawu omwe mwasankha dashi ikasowa. Mukaisiya yokha popanda zowonjezerazo imabweza #N/A. Palinso TEXTAFTER ya mbali inayo.

Mlembi_wa_Katundu

Ndayesa, patuluka #NAME?. Pa kompyuta ya ku ntchito pali Excel 2016.

Gogo_Manambala

Mu 2016 mulibe, ngakhale mu 2019 ndi 2021. Ndi yabwino kwa amene ali nayo, koma fayilo ikamayenda m'manja mwa anthu ambiri kumbukirani wa Excel yakale. LEFT, MID ndi FIND zimagwira paliponse. UNICODE ndi UNICHAR zinayamba ndi Excel 2013, ndiye a Mlembi muli nazo. Ndipo TEXTBEFORE nayo dashi ya 8211 siiona ngati ya 45 pokhapokha mutaiuza, kutsuka kuja sikuthawika.

Chitsa_Chakale

Funso langa lapatuka pang'ono. Ndili ndi madeti olembedwa 01/01/2024, ndikufuna chaka chokha. `FIND("/",A2)` ikubweza #VALUE! pa mizere yonse, osati ina yokha. Kodi kamzere kopendekera nako kali ndi mitundu iwiri?

Kadzidzi47

Ayi, panu kamzereko kulibe m'selomo. Excel imasunga deti ngati nambala, ndipo 01/01/2024 mkati mwake ndi 45292. Timizere mukuonato ndi kaonekedwe chabe, FIND imaona 45292. Lembani `=YEAR(A2)` mwatha. FIND ikadzagwira pa madeti ena, dziwani kuti amenewo analowa ngati mawu, si madeti enieni.

Mlembi_wa_Katundu

Tibwerere ku makhodi anga. Ndachita monga mwanenera Agogo. Mizere yonse ndi 640. Pa kolamu A, mizere 31 inalibe madashi awiri. Nditatsuka yatsala 19. Mwa 12 yomwe yakonzekayo, 5 inali ya mtundu munanena uja, yoyamba yaitali yachiwiri yabwino, ndipo sinkaonetsa vuto lililonse. Pa 19 yotsalayo, 4 ndi maselo opanda kanthu, 9 ali ndi dashi imodzi chifukwa alibe shelefu, monga PEN-0032, ndipo 6 alibiretu dashi.

Ndaonanso china. Makhodi ena nambala yake ndi ya manambala asanu, monga KAB-10452-C, ndipo MID yanga yokhala ndi 4 ikudula womaliza. Ndingatenge bwanji zapakati pa madashi awiri, kaya ndi zazitali bwanji?

Gogo_Manambala

Mufunika malo a dashi yoyamba ndi a yachiwiri. Musazipanikize mu fomula imodzi, ipatseni iliyonse kolamu yake. Mu E2 ndi F2:

```
=FIND("-",D2&"-")
=FIND("-",D2&"--",E2+1)
```

Nambala yachitatu mu FIND imanena poyambira kufufuza, ndiye yachiwiriyo ikuyamba patsogolo pa dashi yoyamba. Kenako gulu ndi nambala:

```
=LEFT(D2,E2-1)
=MID(D2,E2+1,F2-E2-1)
```

Pa KAB-10452-C, E ndi 4, F ndi 10, MID iyamba pa 5 n'kutenga 10-4-1, zilembo zisanu, 10452. Pa PEN-0032, E ndi 4, dashi yachiwiri ndi yomata ija pa 9, MID itenga zinayi, 0032.

Mwina mukudabwa chifukwa chake ndamata madashi awiri mu F. Ndi chifukwa cha KAB1045. Pamenepo E ndi 8, kufufuza kwachiwiri kuyamba pa 9. Mukamata dashi imodzi yokha, mawu onse ndi zilembo 8, ndipo FIND ikauzidwa kuyamba kupitirira kutalika kwa mawu imabwezanso #VALUE!. Ndi madashi awiri pali chilembo cha 9, F ikhala 9, MID itenga 9-8-1, kutanthauza 0, selo ioneka yopanda kanthu.

Chenjezo limodzi. Zotuluka mu MID ndi mawu, ngakhale zikuoneka ngati nambala. Kwa inu ndi bwino chifukwa maziro a 0032 asungika. Koma mukadzazikuta ndi VALUE kapena kuchulukitsa ndi 1, maziro apita, ndipo pa maselo ooneka opanda kanthu aja #VALUE! abweranso.

Chule_mDambo

Makolamu atatu othandizira pa ntchito yomwe IFERROR imodzi ikanatha! Bwana akatsegula adzati fayilo yadzaza zinyalala. Ndipo 6 otsalawo bwanji osangoti dashi ikasowa tengani zilembo zitatu zoyamba? `LEFT(D2,3)` basi.

Mlembi_wa_Katundu

Makolamuwo ndiwabisa, si vuto. Za zilembo zitatu ndinaganizako, koma magulu athu ena ndi a zilembo ziwiri, ena zinayi. Mwa 6 aja muli TB4410 ndi MAPE207. Zitatu zoyamba zindipatsa TB4 ndi MAP, magulu oti kulibe.

Kadzidzi47

Fomula yopeza pomwe nambala yoyamba ili ilipo, koma pa mizere 6 ine sindingavutike nayo. Komanso MAPE207 simungadziwe ngati ndi MAPE-207 kapena MAPE-0207 yotaya ziro. Funsani amene analowetsa makhodiwo, akonze komwe mndandanda ukuchokera, apo ayi mwezi wamawa mudzawapezanso.

Chule_mDambo

Amene analowetsa akapezeka. Nthawi zambiri lipoti limafunika lero, wolowetsayo anachoka kalekale. Ine ndikadali pa IFERROR, koma chabwino, m'malo mwa "" ndiziika D2 kapena mawu ochenjeza.

Nyenyezi09

Ikakhala ya makhodi atsopano, Data Validation ingathandize kukana khodi yopanda madashi awiri polowetsa. Pa Custom muikemo fomula yowerenga madashi ija n'kuonjezera `=2` kumapeto. Kungoti siigwira pa zomata ndi Paste, ndipo zanu zambiri zikuoneka kuti zimabwera mokopa.

Mlembi_wa_Katundu

Zimabweradi mokopa, ndiye kolamu yowerenga madashi ndiisiya kuti ndiziyang'ana nthawi iliyonse ndikamata zatsopano. Lipoti ndatumiza, mizere 6 ija ndailemba ONANI ndipo ndapempha a kosungira katundu kuti akaone pa makatoni penipeni. Ya 9 yopanda shelefu sindinadziwebe ngati ndi kuiwala kapena katunduyo alibedi shelefu. Agogo, ndikafuna kutenganso chilembo cha shelefu mu kolamu ina, ndi `=MID(D2,F2+1,LEN(D2))` kodi?

Gogo_Manambala

Ndi yomweyo. Pa PEN-0032, F ndi 9, MID iyamba pa 10, kupitirira mapeto a mawu. MID ikayamba kupitirira mapeto siidandaula ngati FIND, imangobweza selo yopanda kanthu, ndiye mizere 9 ija idzaoneka yoyera pa kolamu ya shelefu. Mukamva kuchokera kosungira katundu mutiuze za MAPE207.